Netflix, Prime Video kapena mpira: ndalama ya mwezi uno ipite kuti?

Ambiri amene amaonera mafilimu pa intaneti amadziwa bwino ndalama imene Netflix imawadula mwezi ndi mwezi, chifukwa uthenga wa kubanki umabwera pa foni osaphonya. Koma afunseni kuti bandulo imene idathera pa mafilimuwo inali ya ndalama zingati, ayamba kukanda m'mutu. Chikhalirecho, kuno ku Malawi ndalama yambiri imalowa ku banduloko. Munthu amene akuyerekeza makampani oonetsa mafilimu poyang'ana mtengo wolembetsera wokha waona gawo laling'ono chabe la ndalama imene ichoke m'thumba mwake.

Makampaniwa sadabwere kale kwenikweni. Netflix idafika kuno mu Januwale 2016, pamene idatsegula m'maiko 130 tsiku limodzi. Prime Video ya kampani ya Amazon idatsatira mu Disembala chaka chomwecho. Disney+ idalowa ku South Africa mu Meyi 2022, koma Malawi sadali pa mndandanda, n'chifukwa chake achibale a ku Joni amatha kutamanda sewero limene kuno munthu angalisake mpaka kutopa. Ndiye pali banja la MultiChoice, eni ake a DStv ndi GOtv, amene mphamvu yawo yagona pa mpira wa SuperSport. Kwa munthu wa ku Lilongwe, Mzuzu kapena Zomba, mpikisano weniweni uli pakati pa atatuwa: Netflix, Prime Video ndi mpira.

Funso loyamba si lakuti kampani yabwino koposa ndi iti. Ndi lakuti: pa masiku 30 akubwerawa, n'chiyani chimene anthu a m'nyumba muno aonere ndithu? Yankho lake lifunika litchule maina. Kunena kuti "mafilimu abwino" si yankho, chifukwa munthu amene walipira wopanda dzina la filimu m'mutu amangoyendetsa chala pa zithunzi kwa theka la ola, kenako n'kubwerera ku YouTube kumene sadalipire kalikonse.

Maina ndi ofunika chifukwa kampani iliyonse imaumira katundu wake. Squid Game, Blood & Water ndi Bridgerton ndi za Netflix, ndipo ku Prime Video kulibe. Reacher, The Boys ndi filimu ya ku Nigeria ya Gangs of Lagos ndi za Prime Video. Ku Netflix n'kumenenso kudatulukira The Boy Who Harnessed the Wind mu 2019, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, imene idajambulidwa kuno komweko ndipo mbali yake yaikulu ili m'Chichewa (Chichewa chake cha Chiwetel Ejiofor, amene adasewera ngati bambo a William, chidasekedwa mokwanira, koma filimuyo ndi yogwira mtima). Kupatula yomweyo, wofuna nkhani za kwathu m'chilankhulo chathu sapeza zambiri m'makampani akuluakuluwa. Mafilimu ndi masewero a Chimalawi ambiri ali pa YouTube, ndipo mawu olembedwa pansi pa filimu ku Netflix ndi ku Prime Video amakhala a Chingerezi ndi zilankhulo zina zakunja. Agogo amene adazolowera mafilimu omasuliridwa m'Chichewa a ku vidiyo sho sangamve kukoma kumeneko, ngakhale chithunzi chiwale bwanji.

Ngakhale mkati mwa kampani imodzi, katundu amasiyana dziko ndi dziko. Mafilimu amene Netflix sidapange yokha imawabwereka kwa eni ake, kwa nthawi yoikika komanso kwa maiko otchulidwa m'pangano. Filimu imene mnzanu wa ku Mangalande akuonera ikhoza kusapezeka pa akaunti ya kuno, ndipo imene ilipo lero ikhoza kuchoka pa 30. Njira yachidule n'kupempha mnzanu wa kuno amene ali kale ndi akaunti kuti alembe dzina la filimuyo pa malo osakira, inu musanatulutse ndalama. Netflix idasiya kale zopereka mwezi woyamba waulere, choncho kulowa kuti mungosuzumira n'kulipira ndithu.

Tsopano mtengo. Netflix ili ndi maphukusi anayi, ndipo maina ake amaoneka chonchi pa sikirini: Mobile, Basic, Standard ndi Premium. Mobile ndi ya pa foni kapena tabuleti, munthu mmodzi nthawi imodzi, chithunzi chake cha 480p. Basic imalola kuonera pa kanema wa pabalaza ndi chithunzi cha 720p, komabe chipangizo chimodzi nthawi imodzi. Standard imalola ziwiri ndi chithunzi cha 1080p, ndipo Premium zinayi ndi chithunzi chapamwamba cha 4K. Mu 2023 kampaniyi idatsitsa mitengo m'maiko ambiri a mu Africa muno, n'kufika pa $2.99 ya Mobile, $3.99 ya Basic, $7.99 ya Standard ndi $9.99 ya Premium. Prime Video idabwera ndi mtengo umodzi wa $5.99 pa mwezi. Mitengo imasintha, ndipo woyenera kuudalira ndi umene ukuoneka pa tsamba lolipirira tsiku lolipiralo, koma manambalawa ndi okwanira kuonetsa kawerengedwe kake.

Onani kuti mitengoyi ili m'madola. Boma litagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola idachoka pa ndalama yosafika K1,200 n'kufika cha m'ma K1,700. Netflix sidakweze kalikonse tsiku limenelo, koma aliyense wolipira ndi khadi ya banki ya kuno adapeza kuti mwezi wotsatira wadulidwa makwacha ochuluka kwambiri kuposa kale. Pamwamba pa izo banki imaika kangachepe kake pa malipiro a kunja. Ndiponso m'nyengo ino ya kusowa kwa ndalama zakunja, mabanki amachepetsa madola amene khadi ingatulutse, moti malipiro amatha kukanidwa mu akaunti muli ndalama. Zikatero Netflix imaimitsa akaunti n'kulemba uthenga wopempha njira ina yolipirira. Wofuna mtendere ayambe wafunsa kubanki kwake ngati khadi yake ndi yotsegulidwa pa malipiro a pa intaneti a kunja. Apa DStv ndi GOtv zili ndi mwayi, chifukwa zimalipiridwa m'makwacha, ngakhale pa Airtel Money kapena Mpamba.

Nkhani yaikulu ili pa bandulo. Netflix imanena yokha kuchuluka kwa data imene imadya pa ola. Pa kanema kapena kompyuta, mukasankha Low imadya pafupifupi 0.3GB, Medium pafupifupi 0.7GB, pomwe High imatha kufika 3GB pa chithunzi chowala bwino ndi 7GB pa 4K. Pa foni mawerengedwe ake ndi ena: Save Data imapereka maola pafupifupi asanu ndi limodzi pa gigabaiti imodzi, Automatic maola anayi, pomwe Maximum Data ikhoza kumeza gigabaiti yonse m'mphindi 20. Filimu yomweyo ya maola awiri, tsono, ikhoza kudya gigabaiti yosakwana theka kapena magigabaiti asanu ndi limodzi, malinga ndi kabatani kamene ambiri sadakatseguleko chilembetsereni.

Tiyerekeze banja lina la ku Ndirande. Mayi akufuna kumaliza sewero la magawo khumi, gawo lililonse mphindi 50. Amenewo ndi maola asanu ndi atatu n'kanthu. Ana amaonera zidole theka la ola akaweruka kusukulu, masiku 20 pa mwezi, omwe ndi maola khumi. Onse pamodzi ndi maola 18. Kuti masamu asavute, tiwerenge dola pa K1,750 ndipo tiyerekeze kuti bandulo imene banjali limagula imafika pa K1,000 gigabaiti imodzi. Aliyense aikepo mtengo wake weniweni, umene amaupeza pogawa mtengo wa bandulo ndi magigabaiti ake.

Likasankha Mobile n'kuika foni pa Save Data, banjali lilipira pafupifupi K5,200 ku Netflix ndi K3,000 ya magigabaiti atatu. Zonse pamodzi ndi K8,200, kutanthauza ndalama yosafika K500 pa ola. Likafuna kuonera pa kanema, Basic ndi pafupifupi K7,000, ndipo pa Medium maola 18 adya magigabaiti 13, motero mwezi utha ndi K20,000. Koma bambo akatengeka n'kunena kuti kanema wamkulu amene adagulayo afunika chithunzi chomuyenera, n'kulembetsa Standard pa High, Netflix itenga K14,000 yokha pomwe bandulo ikhoza kufika magigabaiti 54. Imeneyo ndi K68,000 pa maola omwewo, masewero omwewo.

Kusiyana kwa Mobile ndi Standard pa tsamba la Netflix ndi madola asanu okha. M'thumba la banja lija kwafika pafupifupi K60,000. Kulipira Standard kapena Premium uku ukudalira bandulo ya pa foni kuli ngati kugula galimoto yotchipa koma yakumwa mafuta: tsiku logula umaseka, masiku otsatirawo umalirira pa pampu.

Prime Video nayo ili ndi masitepe ake, otchedwa Good, Better ndi Best. Pa kompyuta imalemba pambali pake kuti Good imadya pafupifupi 0.38GB pa ola ndipo Better pafupifupi 1.4GB. Banja lija likanasankha kumeneko, likanalipira pafupifupi K10,500, n'kuwonjezera magigabaiti asanu ndi awiri pa Good, zonse n'kukwana K17,500. Ndi yodula kuposa Mobile ya Netflix kuwirikiza kawiri, koma phukusi lake n'limodzi lomwelo pa foni ndi pa kanema, ndipo limalola anthu atatu kuonera zosiyana nthawi imodzi. Nyumba ya achinyamata atatu, aliyense ndi foni yake, ikhoza kupindula nayo kuposa Basic imene imalola mmodzi yekha. Kufooka kwake n'kwakuti mu Januwale 2024 Amazon idalengeza zosiya kupanga mafilimu atsopano a mu Africa, choncho wokonda masewero a ku South Africa ndi ku Nigeria apeza zambiri ku Netflix.

Zonsezi zimatembenuka m'nyumba mukakhala intaneti yolipira pamwezi yopanda malire, kaya ya waya kaya ya Starlink, imene idayamba kugwira ntchito kuno mu 2023. Pamenepo bandulo imachoka m'masamu, ndipo Standard imakhala yomveka ngati anthu awiri amaoneradi nthawi imodzi. Premium ndi ya amene ali ndi kanema wa 4K komanso intaneti yamphamvu yosadukaduka. Pa sikirini ya foni, diso wamba silisiyanitsa chithunzi cha 4K ndi cha 720p, moti ndalama yowonjezerayo imangopita.

Msampha wa Mobile nawo ulipo. Phukusili silola kutumiza chithunzi kuchokera pa foni kupita pa kanema. Munthu amalipira, kukonza pabalaza, kuitana ana, kenako n'kupeza kuti kabatani kotumizira chithunzi kulibe ndipo pulogalamu ya pa kanema ikumukana. Palibe chimene chawonongeka. Ndi mmene phukusilo adalipangira. Showmax nayo itakonzedwanso mu Febuluwale 2024 idabwera ndi phukusi la Premier League la pa foni pokha, ndipo amene ankaganiza zoitana anzawo kudzaonera pa kanema adagwiritsidwa fuwa lamoto. Mawu akuti Mobile akakhala pa dzina la phukusi, atanthauza zomwezo basi.

Bambo wa m'nyumba ija sitinamuwerengere. Iye chimene akufuna ndi timu yake ya ku Mangalande Loweruka masana, ndipo apa Netflix ndi Prime Video alibe chomupatsa, chifukwa kuno Premier League imaonetsedwa ndi SuperSport. Mpira uli ndi khalidwe lake limene limasokoneza masamu onse aja. Sewero mukhoza kulidawuniloda usiku n'kuonera mawa, pomwe mpira umafuna netiweki ya nthawi yomweyo, Loweruka madzulo pamene aliyense m'tauni ali pa foni. Netiweki ikafooka chithunzi chimaima, ndipo ngakhale ikhale bwino, mpira wa pa intaneti umachedwerapo poyerekeza ndi wa pa dishi, moti mumamva aneba akukuwa chigoli inu mpira udakali pakati pa bwalo. Chithunzi chotsika chimene chimakwanira pa sewero la anthu ocheza pabalaza sichikwanira pa mpira, chifukwa kampirako kamasowa mu udzu. Masewero anayi pa mwezi ndi maola asanu ndi atatu a data yosapulumutsika.

N'chifukwa chake kwa wokonda mpira weniweni, dekoda idakali patsogolo. Sidya bandulo ngakhale pang'ono, ndipo mwini akaunti ya DStv amatha kutsegulanso matchanelo a phukusi lake pa foni kudzera pa DStv Stream akakhala paulendo kapena magetsi akathima. Chofunika n'kuona bwino phukusi limene lili ndi tchanelo cha ligi imene mukufuna, chifukwa maphukusi otsika saonetsa masewero onse. Kalendala nayo iwerengedwe. Ligi ya ku Mangalande imayamba mu Ogasiti n'kutha mu Meyi, ndipo m'katimo muli masabata amene matimu amapumira kuti osewera akatumikire maiko awo. Kulipira phukusi la mpira mu Juni kapena Julayi chaka chopanda mpikisano waukulu n'kulipira zobwereza. Miyezi imeneyo ndiyo ya Netflix kapena Prime Video.

Apa m'pamene pali nzeru yeniyeni ya nkhaniyi. Makampaniwa samanga munthu chaka chonse. Mumalipira mwezi umodzi, ndipo mukhoza kusiya nthawi iliyonse popanda chilango. Palibe chifukwa cholipirira awiri kapena atatu nthawi imodzi pomwe maso ndi awiri omwewo ndipo madzulo ndi omwewo. Mwezi uno Netflix, kumaliza zimene zidalembedwa, mwezi wamawa Prime Video, mpira ukayamba n'kubwerera ku dekoda.

Makampaniwo akudziwa kuti anthu amachita zimenezi, ndipo ali ndi machenjera awo. Prime Video imakonda kutulutsa magawo a masewero ake akuluakulu limodzi pa sabata, kotero sewero la magawo asanu ndi atatu limadutsa mwezi umodzi n'kulowa wina. Netflix, imene idatchuka ndi kutulutsa magawo onse tsiku limodzi, idayamba kudula masewero ena pakati: chigawo chachinayi cha Stranger Things chidatuluka mu Meyi ndi mu Julayi 2022, ndipo chachitatu cha Bridgerton mu Meyi ndi mu Juni 2024. Wofuna kuonera tsiku lotulukalo amalipira miyezi iwiri kapena itatu. Wodekha amadikira gawo lomaliza lituluke, n'kulipira mwezi umodzi, n'kuonera zonse. Chimene amataya ndi macheza a pa gulu la WhatsApp, komanso ayenera kuthawa anzake olongolola amene amaulula mathero.

Mwezi wa makampaniwa suyamba pa 1. Umayamba tsiku limene mwalembetsa. Wolembetsa pa 27 malipiro atangolowa adzadulidwanso pa 27 mwezi wotsatira, popanda kufunsidwa, chifukwa khadi idatsala komweko. Anthu ambiri amataya ndalama motere, kulipira miyezi imene sadatsegule n'komwe pulogalamuyo. Kuchotsa pulogalamu pa foni sikuimitsa malipiro. Njira yake ku Netflix n'kulowa pa Account n'kudina Cancel Membership. Chosangalatsa n'chakuti mukhoza kuchita zimenezi tsiku lomwe mwalipiralo: akaunti imagwirabe ntchito mpaka mwezi umene mwalipira utatha, kenako imadzitsekera yokha. Mukadzabwerera patapita miyezi ingapo, mumapeza mndandanda wanu ndi pamene mudalekezera zili chikhalire.

Mukalipira, mphindi zisanu zoyamba zipite ku mabatani, osati ku filimu. Pa foni, tsegulani App Settings mu pulogalamu ya Netflix, musankhe Save Data pa gawo la data ya pa foni, ndipo pa za kudawuniloda musiye pa Standard. Pa kanema, zosinthazo zimachitikira pa tsamba la akaunti, pa Playback settings, pomwe mungasankhe Low kapena Medium. Dzina lililonse la pa akaunti lili ndi zosankha zake, choncho la ana lisaiwalike. Pomwepo palinso kabokosi kolola gawo lotsatira kuyamba lokha. Kachotseni chizindikiro, chifukwa munthu akagona filimu ili mkati, magawo enanso amapitirira kuseweredwa m'chipinda chopanda woonera, bandulo ikutha.

Kudawuniloda ndiye bwenzi la Mmalawi. Mabandulo a usiku amakhala otchipa kuposa a masana, ndipo ena ali ndi waifai kuntchito kapena kusukulu imene amaloledwa kugwiritsa ntchito. Magawo khumi a mayi uja akhoza kulowa mu foni usiku umodzi, n'kuonereredwa mu minibasi, pa mzere wa kubanki, kapena madzulo amene magetsi athima ndipo kanema ali chete. Koma zodawunilodazo sizikhala mpaka kale. Zimaseweredwa mkati mwa pulogalamu yokhayo, sizingatumizidwe kwa mnzanu, zina zimatha ntchito pakadutsa maola 48 chiyambireni kuonera, ndipo zonse zimatsekeka mwezi wolipira ukatha. Kudzaza foni pa tsiku lomaliza n'cholinga choti muzionera mwezi wamawa n'kuwononga bandulo chabe.

Nanga zogawana akaunti? Kuyambira 2023 Netflix idakhwimitsa lamulo lakuti akaunti ndi ya anthu a nyumba imodzi, ndipo imatha kuzindikira kanema amene ali pa intaneti ya kwina n'kufuna nambala yotsimikizira kuchokera kwa mwini wake. Akaunti ya mlamu wa ku Joni ikhoza kugwira ntchito lero n'kukana mawa, gawo lomaliza litatsala. Choopsa kwambiri ndi anthu amene amagulitsa malo pa akaunti m'magulu a pa foni pa mtengo wotsika. Ena amagulitsa akaunti imodzi kwa anthu ochuluka kuposa amene phukusi limalola, moti madzulo aliwonse mumalandira uthenga wakuti anthu achuluka. Ena amagulitsa maakaunti obedwa, ndipo mwini wake akasintha pasiwedi, ndalama yanu yapita, kokadandaula kulibe. Poti Mobile ndi madola osakwana atatu, phindu la njira imeneyi ndi lochepa kwambiri poyerekeza ndi mavuto ake.

Chigamulo cha mwezi uno, tsono, n'chosavuta. Amene amadalira bandulo ya pa foni ndipo ali ndi sewero limodzi kapena awiri amene wawatchula maina, atenge Mobile ya Netflix, aike pa Save Data, azidawuniloda usiku. Prime Video ilipiridwe mwezi umene sewero lake lamaliza kutuluka magawo onse, kapena m'nyumba ya anthu angapo oonera zosiyana. Ngati ligi ili mkati ndipo mpira ndiwo umasonkhanitsa banja, ndalamayo ipite ku dekoda, mafilimu adikire Juni. Ndipo ngati mwakhala pansi ndi pepala n'kulephera kulemba maola khumi a zinthu zimene mukufunadi kuonera, musalipire aliyense mwezi uno.